Kulumikiza Nyumba Zonse ndi Waya Wochepetsetsa: Njira ya Kruskal Pang'onopang'ono

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yokumbira waya wa intaneti pasukulu yogonera konko. Nyumba zofunika kulumikizidwa zilipo 7, ndipo mwayenda ndi tepi n'kupeza kuti pali ngalande 11 zimene zingathe kukumbidwa popanda kuboola khoma kapena kudutsa pabwalo la mpira. Mukakumba zonsezo mufunika waya wa mamita 1,070. Koma sikofunika kuti nyumba iliyonse ikhale ndi waya wakewake wopita kunyumba inzake iliyonse. Chofunika n'chakuti uthenga uchoke panyumba iliyonse n'kukafika panyumba ina iliyonse, ngakhale modutsira kwa anzake. Funso ndi lakuti mukumbe ngalande ziti kuti waya wonse pamodzi akhale wochepetsetsa.

Akatswiri a masamu amatchula chithunzi cha malo ndi mizere yowalumikiza kuti girafu. Mizere imene yalumikiza malo onse popanda kupanga mkombero, kutanthauza njira imene mungayende n'kubwerera pamene munayambira osabwereza mzere, amaitchula kuti mtengo, chifukwa imangophuka nthambi ndipo nthambizo sizikumananso. Apa Chichewa chathu chimatha kutisokoneza, poti mtengo wa kuthengo ndi mtengo wa pamsika timazitchula chimodzimodzi. Munkhani ino, mawu oti mtengo ndiwasungira mizere yosankhidwayo, ndipo nambala ya pamzere uliwonse ndiziitchula kuti utali kapena kulemera. Chimene tikufuna ndi mtengo wopepukitsitsa wofika pamalo onse.

Vutoli ndi lakale ndithu. Otakar Borůvka analemba njira yake mu 1926 poganizira zoyala nthambo za magetsi m'dera la Moravia, ndipo njira imene tigwiritse ntchito pano ndi ya Joseph Kruskal, imene inasindikizidwa mu 1956. M'mawu ochepa, ya Kruskal imati: sanjani mizere kuyambira waufupi kwambiri, muzitenga umodziumodzi, ndipo muzitaya mzere uliwonse umene ukulumikiza malo amene ndi olumikizana kale.

Choyamba: lembani mizere ndipo muisanje

Nyumba iliyonse ipatseni nambala kuyambira pa 0, chifukwa manambalawo ndi amene tiziwagwiritsa ntchito pofufuza m'ndandanda. Pasukulu yathu, ofesi ndi 0, laibulale ndi 1, labu ndi 2, holo ndi 3, khitchini ndi 4, hositelo ndi 5, ndipo kanyumba ka mlonda kugeti ndi 6. Mzere uliwonse ulembedwe ndi zinthu zitatu, utali patsogolo, kenako malo awiri a kumapeto kwake.

```python
mizere = [
    (40, 0, 1), (55, 1, 2), (60, 0, 2), (65, 4, 5),
    (80, 3, 4), (90, 3, 5), (110, 2, 3), (120, 1, 3),
    (130, 5, 6), (150, 0, 6), (170, 2, 4),
]
```

Ndaika utali patsogolo dala. Python ikamasanja timagulu totere imayamba kuyerekeza chinthu choyamba, choncho `sorted(mizere)` imasanja motsatira utali popanda kuiuza zambiri. Ndandanda ili pamwambayi ndaisanja kale kuti tiziiwerenga mosavuta, koma yanu yochokera kutepi idzabwera yosokonekera.

Musanapitirire, werengani malo anu. Mtengo wofika pamalo n umakhala ndi mizere n − 1, osaposa komanso osachepera. Kwa ife ndi mizere 6. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene idzatiuze nthawi yolekera, komanso ndi imene idzayambe kutichenjeza zinthu zikalakwika.

Chachiwiri: konzani njira yodziwira amene ali gulu limodzi

Ntchito yonse yagona pafunso limodzi lofunsidwa mobwerezabwereza: kodi malo awiriwa alumikizana kale kudzera m'mizere imene ndatenga? Pachithunzi cha nyumba 7 maso amayankha okha. Pamalo 100,000 ndi mizere 1,000,000 maso alibe ntchito, ndipo mukati muziyenda mumtengo wonse kufufuza njira pa mzere uliwonse, masitepe angathe kufika 100 biliyoni. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito kasungidwe ka magulu kokhala ndi ntchito ziwiri zokha, `find` ndi `union`, kamene Bernard Galler ndi Michael Fischer anafotokoza mu 1964.

Ganizirani za midzi. Mukafuna kudziwa ngati anthu awiri ali pansi pa mfumu imodzi, simuyenda khomo ndi khomo kufufuza chibale chawo. Mumangofunsa woyamba kuti wamkulu wake ndani, mukapita kwa wamkuluyo mumamufunsanso chimodzimodzi, mpaka mutafika kwa munthu amene akuti pamwamba pake palibenso wina. Mumachitanso zomwezo kwa wachiwiri. Mukathera pakhomo limodzi, ndiye kuti ndi amudzi umodzi. Ndandanda ya `kholo` imasunga zimenezi: `kholo[x]` ndi amene ali pamwamba pa x, ndipo mfumu ya gulu ndi amene `kholo` lake ndi iye mwini. Poyamba aliyense ndi mfumu ya mudzi wa munthu mmodzi.

```python
n = 7
kholo = list(range(n))
kukula = [1] * n

def find(x):
    while kholo[x] != x:
        kholo[x] = kholo[kholo[x]]
        x = kholo[x]
    return x
```

Mzere wapakati, `kholo[x] = kholo[kholo[x]]`, ndi wofupikitsa ulendo. Pamene tikukwera kupita kwa mfumu, aliyense amene taimapo timamuuza kuti kuyambira lero azipita kwa agogo ake m'malo mwa bambo ake. Yankho la `find` silisintha, koma wobwera kudzafunsa mawa adzayenda pafupifupi theka la ulendowo.

```python
def union(a, b):
    a, b = find(a), find(b)
    if a == b:
        return False
    if kukula[a] < kukula[b]:
        a, b = b, a
    kholo[b] = a
    kukula[a] += kukula[b]
    return True
```

Ntchito ya `union` ikapeza kuti mfumu ndi imodzi, imabweza `False` osasintha chilichonse. Ikapeza mafumu awiri, wa mudzi waung'ono amagonjera wa mudzi waukulu. Chifukwa chake n'chosavuta: malo amatsika sitepe imodzi pokhapokha gulu lake likamezedwa ndi gulu lofanana nalo kapena lalikulu kuposa ilo, ndipo zikatero gulu limene alimo limakula kawiri kapena kuposa. Gulu silingakule kawiri koposa maulendo log₂ n, choncho ngakhale pamalo 1,000,000 palibe amene angakhale kutali ndi mfumu kuposa masitepe 20. Mukasiya lamuloli n'kumangogonjetsa aliyense mwachisawawa, magulu amatha kusanduka chingwe chachitali chimene `find` imakwera kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Chachitatu: yendani m'mizere

```python
mtengo = []
for utali, a, b in sorted(mizere):
    if union(a, b):
        mtengo.append((utali, a, b))
        if len(mtengo) == n - 1:
            break
```

Pulogalamu yatha pamenepa. Koma ndikukulimbikitsani kuti muyende nayo papepala kamodzi, chifukwa zolakwika zonse zimene ndifotokoze kutsogoloku zimaoneka bwino kwa munthu amene anaionapo ndandanda ya `kholo` ikusintha.

Mzere woyamba ndi wa mamita 40, wa ofesi ndi laibulale. Onse ndi mafumu a okha, magulu ndi ofanana, ndiye laibulale igonjera ofesi ndipo `kholo[1]` ikhala 0. Tautenga. Wachiwiri, wa mamita 55, ndi wa laibulale ndi labu. Mfumu ya laibulale tsopano ndi ofesi, imene ili ndi gulu la awiri, choncho labu nayo ilowa pansi pa ofesi. Tautenganso.

Wachitatu ndi wa mamita 60, wa ofesi ndi labu. `find(0)` ibweza 0, `find(2)` ibwezanso 0. Mzerewu ndi waufupi kuposa ina yambiri imene titenge, komabe tiutaya, chifukwa kuchokera kuofesi tingathe kale kufika kulabu kudzera kulaibulale.

Kenako ntchito isamukira mbali ina ya sukulu, ndipo ichi ndi chizindikiro cha njira ya Kruskal: simera kuchokera pamalo amodzi ngati njira ina yopezera mtengo womwewu, ya Jarník ndi Prim, koma imamera timitengo tambiri m'malo osiyanasiyana timene timadzakumana pambuyo pake. Mzere wa 65 ulumikiza khitchini ndi hositelo, ndipo khitchini ikhala mfumu. Wa 80 ndi wa holo ndi khitchini. Holo ili yokha pamene khitchini ili ndi gulu la awiri, ndiye pamenepa `union` isinthanitsa a ndi b, holo n'kugonjera khitchini. Wa 90, wa holo ndi hositelo, upeza kuti onse mfumu yawo ndi 4, ndipo utayidwa.

Tsopano tili ndi midzi itatu: wa ofesi wa nyumba zitatu, wa khitchini wa nyumba zitatu, ndi mlonda ali yekha kugeti. Mzere wa 110, wa labu ndi holo, ndiwo mlatho. `find(2)` ibweza 0, `find(3)` ibweza 4, magulu ndi ofanana kukula, ndiye khitchini igonjera ofesi. Ndandanda ikuoneka chonchi:

```python
kholo = [0, 0, 0, 4, 0, 4, 6]
```

Yang'anani bwino pamenepa. `kholo[4]` ndi 0, koma palibe ngalande ya khitchini ndi ofesi, ngakhale pamndandanda wa zimene tinayeza. Ndandanda ya `kholo` si mtengo wa waya ayi. Imangosunga za amene ali gulu limodzi, ndipo ngalande zenizeni zokumba zili mu `mtengo`. Ophunzira ambiri amasindikiza `kholo` n'kumaganiza kuti ndiye yankho. Onaninso kuti holo ndi hositelo zikulozabe kwa 4. Sizinauzidwe kuti ufumu wasintha, ndipo palibe chifukwa choziuzira panopa.

Mzere wa 120 ndi wa laibulale ndi holo. `find(1)` ibweza 0. `find(3)` iyamba pa 3, ione kuti kholo lake ndi 4 ndipo kholo la 4 ndi 0, ilembe `kholo[3] = 0`, n'kubweza 0. Mfumu ndi imodzi, mzere watayidwa. Womaliza ndi wa 130, wa hositelo ndi geti: `find(5)` ikonzanso `kholo[5]` kukhala 0, mlonda alowa m'gulu, ndipo mizere yakwana 6. Ya 150 ndi 170 sitinaiyang'ane n'komwe.

Waya wonse ndi 40 + 55 + 65 + 80 + 110 + 130, amene ndi mamita 480.

Chachinayi: dziwani chifukwa chake kutaya kuja kunali kolondola

Munthu wochenjera ayenera kukayika apa. Njira zongotola chooneka chabwino panthawiyo nthawi zambiri zimasocheretsa. Nanga tikudziwa bwanji kuti mzere wa 60 uja, umene tinautaya koyambirira, sukanatithandiza kupeza mtengo wopepuka kuposa 480?

Yankho ndi lamulo la mkombero. Limati: pamkombero uliwonse wa m'girafu, ngati pali mzere wolemera kuposa mizere ina yonse ya pamkomberopo, mzere umenewo sungapezeke mumtengo wopepukitsitsa uliwonse.

Umboni wake ndi waufupi, ndipo tiuyese pa mzere wa 120 wa laibulale ndi holo, umene uli pamkombero ndi wa 55 ndi wa 110. Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mtengo wake wofika panyumba zonse 7, mmene muli mzere wa 120, ndipo akuti wakewo ndiye wopepukitsitsa. Sitikudziwa mizere ina imene wasankha, ndipo sitikufunika kuidziwa. Dulani waya wa 120 mumtengo wakewo. Popeza mumtengo mulibe njira yachiwiri, ugawanika mbali ziwiri, laibulale mbali ina ndipo holo mbali inayo. Tsopano yendani mbali yotsala ya mkombero uja, kuchoka kulaibulale, kudzera kulabu, kukafika kuholo. Mwayambira tsidya lino ndipo mwathera tsidya lina, ndiye penapake mwawoloka. Ngati labu ili tsidya la holo, mwawolokera pa mzere wa 55. Ngati ili tsidya la laibulale, mwawolokera pa wa 110. Mzere umene mwawolokerawo sunali mumtengo wake, chifukwa ukanakhalamo, kudula kuja sikukanagawa mtengowo. Uikeni m'malo mwa wa 120. Mbali ziwiri zija zalumikizananso, mizere ikadali 6, ndipo waya wachepa ndi mamita 65 kapena 10. Choncho mtengo wa mnzathu uja sunali wopepukitsitsa.

Mkombero ukhale wa mizere itatu kapena 300, mfundo ndi yomweyo: mbali yotsala ya mkombero iyenera kuwoloka penapake, ndipo paliponse pamene yawolokera ndi popepuka.

Tsopano onani mmene kusanja kumagwirira ntchito limodzi ndi lamuloli. Pamene `union` yabweza `False`, ndiye kuti pali kale njira pakati pa malo awiriwo yopangidwa ndi mizere imene tinatenga m'mbuyomo. Njirayo pamodzi ndi mzere watsopano zipanga mkombero. Popeza tinasanja, mizere yonse ya m'mbuyomo ndi yopepuka kuposa watsopanoyu. Ndiye mzere wotayidwa nthawi zonse umakhala wolemera kwambiri pamkombero wake, ndipo lamulo likuti sungakhale mumtengo wopepukitsitsa. Kusanja sikongothandiza kuti ntchito iyende mwadongosolo. Popanda kusanja, mfundo yonseyi imagwa.

Patsala sitepe imodzi imene anthu ambiri amaidumpha. Tasonyeza kuti zimene tinataya zinali zoyenera kutayidwa, koma tiyeneranso kusonyeza kuti zimene tasunga ndi yankho. Mizere ya 150 ndi 170, tikanapitiriza, ikanatayidwanso, poti nyumba zonse zinali zitalowa kale m'gulu limodzi. Choncho pa mizere 11, isanu ndi yoletsedwa ndi lamulo la mkombero, ndipo yatsala 6. Mtengo wopepukitsitsa ulipo ndithu, ukufunika mizere 6, ndipo sungatenge woletsedwa ngakhale umodzi. Palibenso kwina kumene ungatenge mizere yake kupatula pa 6 yathuyi. Zimenezi zikutiuzanso kuti mautali onse akakhala osiyana, mtengo wopepukitsitsa umakhala umodzi wokha.

Nanga mizere iwiri ikafanana utali? Tiyerekeze kuti ngalande ya ofesi ndi labu inali ya mamita 55, osati 60. Pamkombero wa ofesi, laibulale ndi labu palibenso mzere umodzi woposa yonse, ndipo lamulo limafewa: kusinthanitsa kuja sikuchepetsa waya, koma sikumuwonjezeranso. Python idzaika `(55, 0, 2)` patsogolo pa `(55, 1, 2)`, idzatenga wa ofesi ndi labu n'kutaya wa laibulale ndi labu, ndipo waya adzakhalabe mamita 480. Mungaganize ngati kuti mzere wobwera pambuyo wawonjezeredwa kachidutswa kosaoneka ndi maso, ndipo umboni wonse uyenda monga kale. Choncho mukayerekeza yankho lanu ndi la mnzanu, yerekezani kulemera kwa mtengo wonse. Mizere ingathe kusiyana nonse muli olondola.

Chachisanu: yesani yankho, chifukwa zolakwika zake sizifuula

Chovuta ndi pulogalamu imeneyi n'chakuti ikalakwika siima. Imakupatsani nambala yooneka bwinobwino.

Cholakwika chimene chinandigwirapo ine ndi chowerenga mautali kuchokera mufayilo n'kuiwala kuwasandutsa manambala ndi `int` kapena `float`. Zolembedwa zimasanjidwa chilembo ndi chilembo ngati mayina a m'kaundula, ndiye `"110"` imabwera patsogolo pa `"40"` chifukwa 1 ndi wochepa kuposa 4. Pa mizere yathuyi, pulogalamu ingayambe ndi 110, 120, 130, 150 ndi 170, yonse n'kulandiridwa popeza sipanga mkombero, kenako n'kumalizira ndi 40. Mizere ndi 6, nyumba zonse zalumikizana, palibe mkombero, koma waya ndi mamita 720. Munthu wosadziwa 480 sangaone vuto lililonse.

China ndi choyerekeza makolo m'malo mwa mafumu, kulemba `kholo[a] == kholo[b]` poyesa mkombero m'malo moitana `find`. Pa mizere 7 yoyambirira ya chitsanzo chathu zimayenda bwino, moti mungaganize kuti pulogalamu ili bwino. Pa mzere wa 120 ndi pamene zimaonekera: `kholo[1]` ndi 0 koma `kholo[3]` idakali 4, ndiye pulogalamu iganiza kuti ndi magulu awiri n'kutenga mzerewo. Mizere ikwana 6, `break` igwira ntchito, ndipo yankho lituluka mamita 470. Ndi lochepa kuposa 480, ndipo mungasangalale, koma muli mkombero pakati pa laibulale, labu ndi holo, ndipo mlonda kugeti wasiyidwa opanda waya. Chofanana nacho ndi kulemba `kholo[b] = a` musanapeze mafumu, kumene kumazula munthu mmodzi m'mudzi wake n'kusiya anzake kumbuyo.

Mayeso ndi atatu. Werengani mizere, ikhale n − 1. Ikachepa pamene ndandanda yatha, girafu yanu inali yoduka kale, mwina mwaiwala kuyeza ngalande yopita kunyumba ina, ndipo chimene mwapeza ndi nkhalango ya timitengo, kalikonse kopepukitsitsa m'dera lake. Kenako yambani panyumba imodzi n'kuyenda m'mizere ya mu `mtengo` yokha, osadalira `kholo`, muone ngati mwafika ponseponse. Yankho la 470 lija limagwa pamenepa.

Mayeso achitatu ndi lamulo la mkombero lomwe lija, kuligwiritsa ntchito chobwerera. Tengani mzere uliwonse umene suli mumtengo, pezani njira ya mumtengo yolumikiza mapeto ake awiri, ndipo muone mzere wolemera kwambiri panjirapo. Wakunjayo asapepuke kuposa umenewo. Pamtengo wathu wa 480, mzere wa 170 wa labu ndi khitchini uli ndi njira ya 110 ndi 80, palibe vuto. Wa 150 wa ofesi ndi geti uli ndi njira imene wolemera wake ndi 130, palibenso vuto. Pamtengo wa 720 uja, mzere wa 55 wa laibulale ndi labu uli kunja, pamene njira yake mumtengo ndi ya 120 ndi 110. Wakunja wapepuka, ndiye mtengowo si wolondola, ndipo mayesowa akuuzaninso choti musinthe. Mizere yonse yakunja ikapambana mayeso amenewa, mtengo wanu ndi wopepukitsitsa, kaya munaupeza ndi njira iti. Ngati pakompyuta muli ndi NetworkX, phukusi la Python logwirira ntchito ndi magirafu, `nx.minimum_spanning_tree(G)` ingakupatseni yankho lachiwiri loyerekezera.

Za nthawi sizifuna mawu ambiri. Kusanja mizere m kumatenga masitepe pafupifupi m log m, ndipo ndi kumene kumadya nthawi yambiri. Robert Tarjan anasonyeza mu 1975 kuti kugonjetsa gulu laling'ono pamodzi ndi kufupikitsa ulendo kumachititsa kuti ntchito ya `find` iliyonse, mukawerengera zonse pamodzi, ikule pang'onopang'ono kwambiri moti pa girafu iliyonse yokwana mukompyuta ili ngati masitepe ochepa osasintha. Ndalemba `find` ndi `while` osati yodziitana yokha, chifukwa Python imaimitsa pulogalamu kudziitana kukafika pafupifupi maulendo 1,000, ndipo wina akadzachotsa mizere ya `kukula` mosadziwa, chingwe chachitali chingamufikitse pamenepo.

Musanayambe kukumba

Bwererani pachithunzi ndipo mujambule mizere 6 ija. Mupeza kuti pasukulu yathuyi mtengo watuluka wopanda nthambi: ofesi, laibulale, labu, holo, khitchini, hositelo, geti, monga mikanda pachingwe. Zangochitika chifukwa cha manambala athu, koma zikuonetsa bwino chimene njirayi sinakulonjezeni. Uthenga wochoka kuofesi kupita kwa mlonda uyenda mamita onse 480, pamene panali ngalande yachindunji ya 150. Mtengo wopepukitsitsa umachepetsa waya yense pamodzi, suchepetsa ulendo wa pakati pa malo awiri. Ngati chimene mukufuna ndi njira yaifupi yochokera kuofesi kupita kunyumba iliyonse, limenelo ndi funso lina, ndipo limayankhidwa ndi njira ya Dijkstra.

Njirayi imafunanso kuti mzere uziyendeka mbali zonse ziwiri pa kulemera kofanana. Manambala ochepera 0 siiwavuta, popeza imangoyang'ana woposa mnzake, koma mizere yoloza mbali imodzi, monga mipope imene madzi amangotsetsereka, imaphwanya umboni uja, chifukwa mzere wowolokera ungathe kuloza kolakwika. Ndiponso imasankha pa ngalande zimene mwaipatsa zokha. Ngati kuika bokosi lolumikizira pakati pa bwalo kungafupikitse waya, siingakuuzeni, pokhapokha inuyo mutawonjezera bokosilo ngati malo a nambala 7 n'kuyerekeza mayankho awiriwo.

Ndipo popeza mumtengo mulibe mkombero, mulibenso njira yachiwiri. Wolima maluwa akadula waya wa 110 ndi khasu, holo, khitchini, hositelo ndi geti zonse ziduka ku ofesi nthawi imodzi. Ngati ndalama zilola ngalande imodzi yowonjezera, musatenge waufupi pa yotayidwa ija. Wa 60 ungateteze nyumba zitatu zokha za mbali ya ofesi. Wa 150, umene pulogalamu sinauyang'ane n'komwe, umatseka mkombero wodutsa nyumba zonse 7, moti ndi mamita 630 waya angaduke pamalo amodzi paliponse nyumba zonse n'kukhalabe zolumikizana, malinga ngati masiwichi anu, timabokosi tolumikizira mawaya a intaneti, akonzedwa kuti azitseka njira imodzi ya mkomberowo mpaka tsiku limene idzafunike.